Mafunso ndi mayankho: kulemba zokambirana zoonetsa mtima wa mpangankhani popanda iye kuutchula

Mafunso awa ndi amene alembi a nkhani zazifupi ndi masewero amandifunsa kawirikawiri ndikawabwezera zolemba zawo nditalemba m'mbali kuti "munthuyu akulankhula mwatchutchutchu kwambiri". Ndagwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa luso limeneli limamveka bwino ukamaona mzere ukusinthidwa pamaso pako.

Chalakwika n'chiyani mpangankhani akangonena kuti "ndakwiya" kapena "ndikusungulumwa"?

Mawuwo paokha alibe mlandu. Vuto ndi lakuti munthu aliyense angathe kuwanena. Mwamuna wouma mtima, mtsikana wamanyazi, nkhalamba yonyada, onsewa akanena kuti "ndakwiya" amamveka ngati munthu mmodzi. Owerenga adziwadi kuti pali mkwiyo, koma sanadziwe kuti wakwiyayo ndi munthu wotani. Chimene chimasiyanitsa anthu ndi mmene aliyense amachitira ndi mkwiyo wakewo. Wina amayamba kufunsa mafunso a zinthu zazing'ono, wina amachulutsa ulemu, wina amatenga tsache n'kuyamba kusesa pamene pasesedwa kale.

Palinso vuto lachiwiri. Munthu amene zamuwawa zenizeni nthawi zambiri sakhala ndi dzina la chimene chikumuwawacho, ndipo akakhala nalo amaopa kulitchula pamaso pa munthu amene akumukhudza. Mpangankhani akamafotokoza mtima wake mwadongosolo, chifukwa choyamba ichi, chachiwiri icho, owerenga amamva kuti amene akulankhula ndi mlembi, ndipo mpangankhaniyo wangobwerekedwa pakamwa.

Nanga akapanda kunena, owerenga adziwa bwanji?

Adziwa mwa njira yomweyo imene inu mumadziwira kuti mnzanu wakhumudwa iye asanakuuzeni. Mumamva kuti yankho lake silikugwirizana ndi funso lanu.

Katswiri wa filosofi ya chilankhulo, Paul Grice, anafotokoza zimenezi m'maphunziro amene anapereka ku yunivesite ya Harvard mu 1967, amene mbali yake inasindikizidwa mu 1975. Iye anaona kuti tikamacheza timayembekezera zinthu zinayi kwa mnzathu: kuti anena zokwanira, osati zochepa kapena zochuluka, kuti anena zoona, kuti anena zogwirizana ndi nkhani imene ili pakamwa, ndiponso kuti anena momveka. Mnzathu akaphonya chimodzi mwa zinayizi moonekeratu, sitiganiza kuti wasokonezeka mutu. Timayamba kufufuza chimene akutanthauza. Chitsanzo chake chodziwika ndi cha mphunzitsi amene wapemphedwa kalata yochitira umboni wophunzira wake wofuna ntchito yophunzitsa filosofi, ndiye iye n'kungolemba kuti wophunzirayo Chingerezi amachidziwa bwino ndipo sajomba m'kalasi. Palibe choipa chimene wanena, koma aliyense wowerenga kalatayo amva kuti pa filosofi peniipenipo munthuyo n'ngoperewera.

Kwa mlembi, zinthu zinayizi ndi zida. Mpangankhani wanu angayankhe mwachidule kuposa mmene funso likufunira, kapena kutalikitsa mosayenera. Anganene bodza limene owerenga akuliona. Angasinthe nkhani. Angalankhule mokuluwika pamene zinali zosavuta kunena molunjika. Pamene pali mpata pakati pa funso ndi yankho, owerenga amalowetsapo nzeru zawo, ndipo chimene munthu wadzipezera yekha amachikhulupirira kuposa chimene wauzidwa.

Ndiyambire pati? Ndikakhala pansi kuti ndilembe, anthu anga amangokhuthula zonse.

Asiyeni akhuthule kaye. Ine ndimalemba chigawo chilichonse chovuta kawiri, ndipo koyambako ndimawalola anene zonse zimene zili mumtima. Zimenezi sizipita kwa owerenga. Ndi zanga, zondithandiza kudziwa chimene ndikufuna kubisa, pakuti sungabise chinthu chimene sukuchidziwa.

Tiyeni titenge nkhani iyi. Tadala wabwera kudzaona bambo ake patapita miyezi inayi amayi ake atamwalira. Kulemba koyamba kungakhale kotere:

"Bambo, ndili ndi nkhawa kwambiri ndi inu chimwalirireni amayi. Ndikufuna mubwere muzikakhala kwathu."

"Inenso ndikusungulumwa, mwana wanga. Sindingathe kugona m'chipinda chija chifukwa chimandikumbutsa amayi ako. Koma sindikufuna kukhala mtolo kwa iwe."

Mizere iwiri yokha, nkhani yatha. Palibe chimene chatsala choti owerenga achite. Koma taonani zimene mizereyi yandipatsa. Ndikudziwa tsopano chimene aliyense akufuna: Tadala akufuna bambo ake asamuke, ndipo bambowo pansi pa mtima akufuna asakhalenso okha. Ndikudziwanso chimene chikuwatseka pakamwa. Bambo akuopa kuoneka ofooka pamaso pa mwana amene anamulera, ndipo Tadala akudziwa kuti akawamvera chisoni poyera, akana, ndipo akakana kamodzi sabwereranso m'mbuyo.

Mbali yachiwiriyi ndi imene alembi ambiri amailumpha. Amadziwa chimene mpangankhani akumva, koma sanadzifunse chifukwa chake sangachinene. Popanda chifukwa chimenecho, kubisako kumaoneka ngati masewera a mlembi. Chifukwacho chingakhale manyazi, kunyada, mantha, chifundo, kapena kungoti pali munthu wachitatu amene akumvetsera. Chikhale chimodzi chodziwika, ndipo muchilembe papepala musanapitirize.

Kenako mufunefune chinthu chachitatu choti anthu awiriwo akambirane m'malo mwa nkhani yeniyeniyo. Chikhale chinthu chooneka ndi chogwirika, chimene chili pamalopo, chimene onse awiri ali ndi ufulu wochikamba popanda kuchita manyazi. Kwa Tadala ndi bambo ake ndinasankha denga. Kulemba kwachiwiri n'kumeneku:

Tadala anapeza bulangete litapindidwa bwinobwino pa mpando wa pabalaza, pilo ali pamwamba.

"Mukugona pano?"

"Kuchipinda kukudontha."

"Kukudontha."

"Pakona paja. Ndimuitana mmisiri."

Tadala anayang'ana pazenera. Udzu wa pabwalo unali utauma kalekale.

"Mmisiri wake uti?"

"Basi yako ndi ya nthawi yanji?"

"Ya 4 koloko. Ilipo inanso mawa."

"Usavutike. Ana akukudikira."

"Ana ali ndi bambo awo." Anatenga pilo uja. Anali uja wamaluwa, amene amayi anasoka okha. Anamubwezera pamalo pake mosamala. "Kwathu chipinda chaching'ono chija tinachikonza. Sichidontha."

"Nyumba sisiyidwa yokha."

"Mpaka mmisiri abwere basi."

Bambo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Anawapukuta nthawi yaitali.

"Amachedwatu amisiri amenewa."

"Achedwe."

Palibe mawu akuti chisoni, nkhawa kapena kusungulumwa. Ngakhale imfa sinatchulidwe m'kamwa mwa aliyense.

Mungatilongosolere chimene chikuchitika m'mizere imeneyi?

Bodza la bambo ndilo msana wa chigawo chonse. Akunena kuti kuchipinda kukudontha, ndipo chiganizo chimodzi cha udzu wouma chikuuza owerenga kuti mvula inasiya kale. Chiganizo chimenecho chikapanda kukhalapo, zonse zagwa, chifukwa owerenga akhulupirira kuti dengalo likudonthadi, ndipo aona bambo ndi mwana akukambirana za malata. Bodza la mpangankhani limagwira ntchito pokhapokha owerenga ali ndi umboni woti ndi bodza.

Tadala akubwereza mawu a bambo ake, "Kukudontha", popanda chizindikiro cha funso. Sakufunsa. Akuwaonetsa kuti wamva, ndipo akuwapatsa mpata woti asinthe mawu ngati akufuna. Iwo sakusintha, akuwonjezera bodza lina, la mmisiri. Akafunsidwa kuti mmisiri wake uti, akuthawira ku nthawi ya basi. Apa ndi pamene owerenga akutsimikiza kuti mmisiri kulibe. Komanso funso la basilo lili ndi nkhope ziwiri. Pamwamba likumveka ngati akumuthamangitsa, koma munthu amene amawerenga maola otsala ndi mlendo wake ndi amene sakufuna kuti achoke. Tadala wamva nkhope yachiwiriyo, n'chifukwa chake akutchula basi ya mawa imene sanafunsidwe.

Mzere umene ndimaukonda kwambiri ndi wakuti "Sichidontha." Tadala akanatha kunena kuti, "Bambo, mvula kulibe, mukunama." Akanakhala kuti wanena zoona, koma bambo ake akanachita manyazi ndipo akanatseka chitseko. M'malo mwake walowa m'bodza lawo n'kulisandutsa njira yoti adutsepo. Pamenepa tamudziwa Tadala kuposa mmene ndime yathunthu yomufotokoza ikanatidziwitsira: ndi munthu wochenjera, wodekha, amene amawadziwa bambo ake ndipo amasamala ulemu wawo kuposa kupambana mkangano.

"Nyumba sisiyidwa yokha" ndi kukana, koma ndi kukana kofooka, kobisala m'mawu omveka ngati lamulo la aliyense. Sakunena kuti sindikufuna. Komanso owerenga watcheru amva kuti amene sayenera kusiyidwa yekha si nyumbayo. Ndipo "Amachedwatu amisiri amenewa" ndi kuvomera. Akufunsa ngati angakhale nthawi yaitali osatopetsa anthu, ndipo "Achedwe" akuwayankha kuti khalani mpaka kalekale. Onse awiri amvana, ndipo palibe amene wataya ulemu.

Kodi zimenezi zikuonetsa khalidwe la munthu, kapena zikungobisa maganizo mwaluso?

Funso labwino, chifukwa pali kusiyana. Njira yoyesera ndi iyi: siyani chisoni chikhale chomwecho, sinthani munthu, muone ngati mawu asintha.

Tiyerekeze kuti bambo a Tadala ndi munthu amene moyo wake wonse wakhala akulamula. Tadala akafunsa kuti "Mukugona pano?" iwo sanganame za denga. Anganene kuti, "Bulangetelo ulisiye pamene walipeza. Ndipo nsapato zakozo zadetsa pansi." Chisoni n'chomwecho, koma munthuyu amabisala poukira. Tiyerekezenso kuti ndi bambo wanthabwala: "Mpando uwu ndi wabwino kuposa bedi. Zaka zonsezi ndimangodzivutitsa." Uyu amabisala m'kuseka. Wina angayankhe ndi mawu ambirimbiri, kufotokoza za msana wake, za kutentha kwa kuchipinda, za zimene anamva pa wailesi zokhudza kagonedwe kabwino, mpaka owerenga aone kuti zifukwa zachuluka mopitirira muyezo.

Choncho pa mpangankhani aliyense wamkulu ndimadzifunsa kuti akapanikizidwa amathawira kuti. Ndikapeza yankho, ndimalisunga m'nkhani yonse. Bambo a Tadala amathawira ku zinthu za ntchito ndi ndondomeko: denga, mmisiri, nthawi ya basi. Akadzakumana ndi vuto lina m'chigawo china, adzathawiranso komweko, ndipo owerenga adzawazindikira ngakhale dzina lawo lisanatchulidwe. Tsiku limene adzalephere kuthawirako, owerenga adzadziwa kuti china chake chachikulu chasweka.

Ngati mwasintha munthu koma mizere yakhala yomweyo, ndiye kuti mwangobisa maganizo, khalidwe simunalionetse.

Kodi Chichewa chili ndi zida zake pa ntchito imeneyi?

Chili nazo, ndipo zimandiwawa kuona alembi akuzisiya. Chachikulu ndi "iwe" ndi "inu". Anthu awiri amene amaitanana "iwe" tsiku lililonse, mmodzi akangoti, "Mwafika bwanji?" ndiye kuti mpanda wamangidwa, ndipo palibe chifukwa cholembera kuti anali atakwiya. Mwana wamkulu amene nthawi zonse amati "inu" kwa kholo lake, akadzatulutsa "iwe" kamodzi kokha, nyumba yonse imagwedezeka. Kusinthaku kuchitike kamodzi kapena kawiri m'nkhani yonse, pamalo pamene mwasankha, ndipo owerenga akhale atazolowera kale mmene anthuwo amaitanirana. Akapanda kuzolowera, sazindikira kuti china chasintha.

N'chimodzimodzi ndi maina. Ngati bambo a Tadala amamuitana ndi dzina lake nthawi zonse, ndiye pamapeto n'kunena kuti "mwana wanga", mawu awiriwo alemera. M'kulemba koyamba kuja mawu omwewo analipo, koma sanalemere chifukwa anabwera mosavuta.

Palinso timawu ting'onoting'ono. Yerekezani "Amachedwa amisiri amenewa" ndi "Amachedwatu amisiri amenewa". Woyambayo ndi uthenga chabe. Wachiwiriyo ndi chenjezo loperekedwa kwa munthu, ngati kunena kuti uganize bwino usanavomere. "Basi" wa Tadala uja, mu "Mpaka mmisiri abwere basi", akuchepetsa pempho lake kuti lioneke laling'ono, losavuta kuvomera. "Kaya", "nanga", "paja", "-nso", "chabe", kalikonse kamasintha kaimidwe ka wolankhula. Ndikamakonza zokambirana, nthawi yambiri ndimathera pa timawu timeneti, kuchotsa ndi kubwezera, ndikuwerenga mokweza.

Za miyambi ndichenjezeko. Mwambi ndi pobisalira pabwino kwa mpangankhani amene safuna kunena za iye mwini, koma mlembi akaugwiritsa ntchito pofuna kufotokozera owerenga tanthauzo la chigawo, wabwereranso ku vuto loyamba lija, kungoti wavala malaya abwino.

Ngati mpangankhani sanena, kodi ndingalembe ine kuti "anatero mwachisoni"?

Mungathe, koma mwatseka chitseko n'kutsekula zenera. Mwachotsa chisoni m'kamwa mwa bambo n'kuchiika m'kamwa mwa wofotokoza nkhani, ndipo owerenga auzidwabe. Yesani kuika "anatero mwachisoni" pambuyo pa "Kuchipinda kukudontha", muone mmene mzerewo ukufera.

Chimene chimathandiza ndi kachitidwe kakang'ono ka thupi kapena ka manja, koma nakonso kali ndi misampha. Kuusa moyo, kugwetsa nkhope, misozi kulengeza m'maso, kumeza malovu, zonsezi zagwiritsidwa ntchito kwambiri moti zasanduka mawu akuti "mwachisoni" olembedwa mwa njira ina. Kachitidwe kabwino ndi kamene munthuyo akuchita pofuna kubisala kapena kugula nthawi. Bambo akupukuta magalasi chifukwa sakufuna kumuyang'ana mwana wawo pamene akugonja, ndiponso chifukwa munthu wovula magalasi ali ndi chifukwa chomveka chogwirira kumaso. Sindinalembe kuti m'maso mwawo munali misozi. Amene akufuna kuiona aiona.

M'chigawo chonse chija muli zochita zinayi zokha: kupeza bulangete, kuyang'ana pazenera, kugwira pilo, kupukuta magalasi. Chilichonse chikupereka umboni kapena chikusintha kayendedwe ka nkhani. Mukaika kachitidwe pambuyo pa mzere uliwonse, anthu anu amaoneka ngati osakhazikika, ndipo kachitidwe kofunika kamamira pakati pa tosafunika.

M'sewero mulibe wofotokoza nkhani. Zimasintha?

Zimasintha pang'ono. Umboni uja, udzu wouma, uyenera kulowa mwa njira ina, mwina wina atchule koyambirira kuti mvula yatha miyezi isanagwe. Koma anthu a zisudzo ndiwo analidziwa kale luso limeneli. Konstantin Stanislavski, amene anayambitsa nawo Moscow Art Theatre mu 1898, ankaphunzitsa ochita sewero kufufuza tanthauzo limene lili pansi pa mawu olembedwa, ndiponso kudziwa chimene munthu amene akumuyerekezayo akufuna m'chigawo chilichonse. Mlembi angabwereke njira imeneyi. Pambali pa mzere uliwonse lembani mneni mmodzi wonena chimene wolankhulayo akuchita kwa mnzake: kufufuza, kuzemba, kukankha, kunyengerera, kugonja. Mzere umene mwalephera kuupezera mneni, kapena umene mneni wake ndi "kufotokozera owerenga", ndi wofunika kuuchotsa.

Ndidziwa bwanji kuti ndabisa mopitirira?

Inu simungadziwe nokha, chifukwa mumadziwa kale chimene chili pansi. Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ndinalembapo nkhani ya mkazi amene wazindikira kuti mwamuna wake anachotsedwa ntchito kalekale koma amadzukabe m'mawa n'kuvala ngati akupita kuntchito. M'chigawo chachikulu mkaziyo akusita malaya a mwamunayo ndipo akumufunsa kuti afuna ati mawa. Kwa ine mzere uliwonse unali wodzaza ndi chifundo ndi ululu. Ndinapatsa anthu atatu kuti awerenge. Awiri anandiuza kuti m'chigawocho simukuchitika kanthu, ndipo wachitatu anaganiza kuti mkaziyo akukayikira kuti mwamunayo ali ndi chibwenzi. Nditabwerera m'mbuyo ndinapeza kuti palibe paliponse pamene ndinaonetsa kuti mkaziyo akudziwa. Ndinawonjezera chiganizo chimodzi masamba awiri m'mbuyo, pamene akupeza kalata ya kuntchito m'thumba la jekete n'kuibwezeramo mmene inalili. Zokambiranazo sindinasinthe ngakhale liwu limodzi, koma owerenga otsatira anamva zonse.

Kuyambira pamenepo ndimachita chonchi. Ndimapereka chigawo kwa anthu awiri kapena atatu amene sindinawauze kanthu, ndipo sindiwafunsa ngati chawasangalatsa. Ndimawafunsa kuti munthu uyu akufuna chiyani kwa mnzakeyu, ndipo n'chifukwa chiyani sakunena. Onse akayankha mofanana ndi zimene ndinalemba m'kulemba koyamba kuja, zili bwino. Akayankha zosiyanasiyana, umboni waperewera. Akati palibe chimene akufuna, ndiye kuti chinthu chachitatu chija chameza nkhani yonse. Ndipo akayankha msangamsanga ndi nkhope yotopa, ndiye kuti ndabwereza chizindikiro chimodzi kambirimbiri.

Mankhwala ake nthawi zambiri sakhala m'zokambirana. Amakhala m'mbuyo, pamene owerenga anayenera kupatsidwa chinthu chimodzi choti agwire. Alembi ambiri akauzidwa kuti sizikumveka amathamangira kuwonjezera mzere woti mpangankhani afotokoze, ndipo amawononga chigawo chimene chinali chabwino.

Nanga kukhala chete? Ndiike timadontho?

Timadontho titatu tikachuluka, tsamba limaoneka ngati aliyense akuwefuka. Chete amamveka bwino pamene funso lomveka lafunsidwa ndipo mzere wotsatira ndi wa munthu yemweyo, kapena ndi kachitidwe. Owerenga amaona okha kuti yankho silinabwere.

Si zoona kodi kuti anthu ena amalankhuladi mosapsatira mawu?

Ndi zoona, ndipo m'nkhani muyenera kukhala anthu otero. Ana aang'ono amanena zimene akuona. Mwana wa Tadala atakhalapo angafunse kuti, "Agogo, bwanji mukugona ndi pilo wa agogo aakazi?" ndipo funso limenelo lingang'ambe zonse zimene akulu awiri aja amaluka mosamala. Munthu wolankhula molunjika ndi wamtengo wapatali m'chigawo chimene ena onse akuzungulira.

Koma munthu wamkulu wosapsatira mawu nayenso amakhala ndi pamene safika. Angakuuzeni poyera kuti mwamukwiyitsa, koma osakuuzani kuti mkwiyowo wabwera chifukwa cha mantha oti mumusiya. Mpangankhani akatchula maganizo ake, dzifunseni ngati watchula enieniwo kapena ena oyandikana nawo amene ndi osavuta kuwatchula. "Ndatopa" nthawi zambiri amaimirira chinthu china. Choncho munthu angathe kunena mawu a maganizo, tanthauzo lobisika n'kukhalapobe.

Ndiye palibe nthawi imene mpangankhani ayenera kunena zoona zenizeni za mumtima mwake?

Ilipo, ndipo nkhani zambiri zimayenda ulendo wonse kuti zikafike pamenepo. Chofunika n'chakuti mawuwo amuwonongetse kanthu wonenayo, ndipo owerenga akhale ataona kangapo konse mmene wakhala akuwazembera. Akatero, mawu wamba kwambiri amakwanira, ndipo akhale ochepa.

Tiyerekeze kuti bambo aja akhala kwa Tadala miyezi iwiri. Nkhani ya mmisiri yakhala ikubwera apo ndi apo, Tadala akufunsa ngati mmisiriyo waimba foni, iwo akuyankha kuti sabata yamawa. Tsiku lina usiku awiriwo atsala okha pabalaza, ana atagona.

"Tadala."

"Bambo."

"Denga lija silidontha."

"Ndikudziwa, bambo."

Ngakhale pano sanatchule chisoni. Avomereza bodza lokha, ndipo kwa munthu ngati iwowa pamenepa ndi pamene pakamwa pawo pangafike. Mlembi wina angafune kuti apitirize, anene kuti amawasowa akazi awo, ndipo kwa mpangankhani wina zimenezo zingakhale zoyenera. Kwa bambo awa, amene tawaona akubisala kuseri kwa malata ndi nthawi ya basi, mzere wachitatu uja ndi wokwanira, ndipo ndikanawonjezera wina akanasanduka munthu amene sitinakumane naye m'masamba onse a m'mbuyo. Muyezo wake ndi mpangankhani mwiniwake: pezani mawu olunjika kwambiri amene munthu ameneyu, ndi kunyada kwake ndi mantha ake, angathe kuwatulutsa pamaso pa munthu uyu, ndipo mumuimitse pomwepo.